Mafunso ndi mayankho: kalembedwe ka notsi kokutetezani kuti musabe mawu a eni mosadziwa

Ndakhala ndikuwerengera ophunzira a kuno ku Zomba maasayimenti awo asanakapereke, ena a ku Chirunga, ena a ku Domasi, ena ophunzira ali pantchito. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera kawirikawiri. Sindikamba za munthu amene wakopera dala ntchito ya mnzake, ameneyo akudziwa chomwe akuchita. Ndikukamba za amene wawerengadi, watopa nazo, koma pepala lake labwerako ndi mzere wofiira woti ndime iyi si yanu.

Zingatheke bwanji kuti munthu abe mawu a wina iye osadziwa?

Zimatheka, ndipo njira yake imakhala imodzimodzi pafupifupi nthawi zonse. Sabata yachitatu ya semesita mwapatsidwa funso, tinene lokhudza kuphwa kwa Nyanja ya Chilwa. Mwapeza netiweki yabwino, mwatsegula masamba asanu ndi awiri a pa intaneti, ndipo poopa kuti bandulo itha kapena magetsi azima, mukungokopera ndime iliyonse yooneka yothandiza n'kumaponya mu fayilo imodzi. Pakati pa ndimezo mukuikamonso maganizo anu, chiganizo apa, chiganizo apo. Tsiku limenelo mukudziwa bwino lomwe kuti ichi ndi changa, icho ndi cha uje.

Papita masabata anayi. Mwatsegulanso fayilo ija usiku woti mawa mupereka. Zilembo zonse zikufanana, ndime zonse mwaziwerenga kangapo moti zikumveka ngati mawu a pakamwa panu. Mutu wa munthu umasunga chiganizo n'kuiwala komwe unachimva. Mukutenga ndime ina, mukuikonza pang'ono, mukuiika mu asayimenti ndi mtima woyera.

Ndiye onani pomwe chinthu chinalakwika. Si usiku wolemba uja ayi. Chinalakwika tsiku lokopera, pa mphindi yomwe mawu a mwini analowa mu fayilo yanu opanda dzina ndi opanda chizindikiro. N'chifukwa chake mayankho onse otsatirawa akuzungulira pa mphindi imeneyo.

Ndiyambe ndi chiyani ndisanakopere kanthu?

Gwero poyamba, mawu pambuyo. Musanakhudze chiganizo ngakhale chimodzi, lembani pamwamba pa tsamba zinthu izi: dzina la wolemba, chaka, mutu wa nkhaniyo, komwe yasindikizidwa, ndi linki yake ngati ili pa intaneti. Ikakhala nkhani ya mu jenolo wonjezerani nambala ya voliyumu, masamba omwe yayambira ndi kuthera, komanso DOI, nambala ija yoyamba ndi `10.` yomwe imakhala pa tsamba loyamba la nkhani zambiri. Linki imatha kufa, koma DOI mukaiika kumapeto kwa `https://doi.org/` imakufikitsani pa nkhaniyo ngakhale osindikiza atasamutsa webusaiti yawo.

Kenaka gwerolo lipatseni dzina lalifupi la inu nokha, monga G1, G2, G3. Kuyambira pamenepo notsi iliyonse yochokera m'menemo iziyamba ndi dzina limenelo ndi nambala ya tsamba. Ine ndimakonda gwero lililonse likhale ndi tsamba lakelake m'kope, kapena mutu wakewake mu fayilo. Fayilo imodzi yotayiramo zonse ili ngati thumba lomwe mwathiramo nyemba, nandolo ndi khobwe: kuthira kunali kosavuta, kusankha ndiye mugona nako.

Nanga mawu enieniwo ndiziwasiyanitsa bwanji mu notsi?

Chilichonse cholowa mu notsi zanu chimagwera m'magulu atatu okha, ndipo gulu lililonse likhale ndi chilembo chake kumayambiriro kwa mzere.

M ndi mawu a mwini, monga momwe anawalembera. Amenewa muziwaika m'mitengero nthawi yomweyo, kutsegula ndi kutseka, ndi nambala ya tsamba. C ndi chidule: ganizo ndi la mwini koma mwalinena m'mawu anu buku lili chotseka. L ndi langa, kutanthauza funso lanu, kutsutsa kwanu, kapena kulumikiza komwe mwaona nokha pakati pa magwero awiri. Tsamba la notsi limaoneka motere:

```
G2 = wolemba, chaka, mutu, jenolo, masamba, DOI
M G2 ts.14: "mawu ake enieni apa"
C G2 ts.14-15: mfundo yake m'mawu anga
L: kodi izi zikugwirizana ndi G1 ts.3?
```

Lamulo lomwe limapatsa mphamvu zilembozi ndi ili: mzere uliwonse wopanda chilembo muziuyesa wa munthu wina. Anthu ambiri amaganiza mobwerera, amati chopanda mitengero ndiye changa. Ayi. Kuiwala kuika chizindikiro kumachitika kwambiri pokopera mothamanga, osati poganiza mwachifatse, choncho mzere wamasiye nthawi zambiri umakhala wokopera.

Ena amagwiritsa ntchito mitundu, kufiiritsa mawu okopera. Si zoipa, koma mtundu wokha musaudalire. Mukasamutsa notsi kuchoka pa laputopu kupita pa foni, kapena mukamata ndi `Ctrl+Shift+V`, mtundu uja umatsala m'njira ndipo mawu a mwini amafika atavala malaya anu. Chilembo M ndi mitengero zimayenda limodzi ndi mawuwo kulikonse komwe apita.

Ndimasintha mawu ena m'chiganizo kuti chisafanane ndi cha mwini. Si zokwanira?

Apa ndi pomwe pamagwera anthu ambiri akhama, ndiye tiyeni tipite pang'onopang'ono ndi chitsanzo. Chiganizo ichi ndachipanga ndekha kuti tionerepo, koma tiyerekeze kuti chili pa tsamba 14 la G2:

"Popeza Nyanja ya Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kukwera ndi kutsika kwa madzi ake kumadalira kwambiri mvula, kotero kuti zaka zingapo zotsatizana za mvula yochepa zimatha kuiphwetsa."

Wophunzira akuyang'ana chiganizochi n'kulemba mu notsi zake kuti: "Chifukwa Nyanja ya Chilwa si yakuya ndipo ilibe mtsinje wochotsa madzi, kuchuluka ndi kuchepa kwa madzi ake kumatsamira kwambiri pa mvula, moti zaka zingapo zondondozana za mvula yoperewera zikhoza kuiumitsa." Iye akuti walemba m'mawu ake. Koma ikani ziganizo ziwirizi pamodzi. "Popeza" wasanduka "chifukwa", "wotulutsa" wasanduka "wochotsa", "kumadalira" wasanduka "kumatsamira". Mafupa a chiganizo ndi omwe aja: chiyambi chomwecho, dongosolo la mfundo lomwelo, mathero omwewo. Wangopaka laimu nyumba ya eni. Ngakhale ataikapo dzina la wolemba kumapeto, aphunzitsi ambiri adzati uku n'kukopera, chifukwa dzina lopanda mitengero limauza wowerenga kuti ganizo lokha ndi lomwe labwerekedwa, pomwe apa kapangidwe ka chiganizo nako n'kobwereka.

Chomwe chimachititsa zimenezi n'chakuti maso anali pa buku dzanja likulemba. Ndiye njira yake ndi kuchotsa maso pamenepo. Werengani ndime yonse, osati chiganizo chimodzi. Tembenuzani foni, kapena tsekani buku. Dzifunseni kuti, munthuyu akuti chiyani, ndipo zikundithandiza bwanji pa funso langa? Ife tili ndi mwayi womwe ambiri sauona: maasayimenti ambiri amalembedwa m'Chingerezi pomwe timaganiza m'Chichewa. Fotokozani mfundoyo mokweza m'Chichewa, ngati mukuuza agogo anu omwe anakulira ku Kachulu ndipo anaiona nyanjayo itaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mukatha kuwafotokozera osasuzumira m'buku, ndiye kuti mwaimva. Pamenepo ilembeni.

Chotuluka chikhoza kukhala ichi: "C G2 ts.14: Chilwa ili ngati mbale yophwatalala, madzi ake ndi ochepa kuyerekeza ndi kukula kwake. Mvula ikavuta chaka chimodzi imapirira, koma ikavuta kangapo motsatana nyanja imauma." Kapangidwe kasintha, poyambira pasintha. Komabe G2 ndi tsamba 14 zilipo, chifukwa mfundoyo simunaitulukire inu.

Kenaka tsegulaninso buku, muyerekeze. Mukufufuza zinthu ziwiri. Choyamba, kodi pali kachigawo ka mawu komwe kalowa momwe kanalili? Ngati kalipo ndipo n'kokoma moti simukufuna kukataya, kaikeni m'mitengero. Chachiwiri, kodi simunapotoze mfundo? M'chidule chathuchi muli zolakwika zitatu zomwe zimangooneka poyerekeza. Mfundo yoti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi yasowa, ibwezeretseni. Ndipo mwini anati zaka za mvula yochepa "zimatha" kuiphwetsa, pomwe ife tati "imauma", ngati kuti zimachitika nthawi zonse. Zoti chaka chimodzi imapirira ndi kutanthauzira kwathu, iye sananene, ndiye zipite pa mzere wa L.

Pansi pakepo mukhoza kuwonjezera L wina: mitsinje ya Domasi ndi Likangala imachokera ku phiri la Zomba n'kukathira mu Chilwa, kodi kudula mitengo kumtundaku kukukhudza bwanji madzi olowa? Funso limenelo ndi lanu, ndipo nthawi zambiri asayimenti yabwino imamera pa mizere ya L, osati ya M.

Ndi mawu angati otsatizana omwe ndingatenge popanda mitengero?

Palibe nambala. Mudzamva ena akuti asanu, ena asanu ndi awiri, koma zimenezo ndi zongouzana m'makonde. Mawu awiri okha, ngati ndi dzina lomwe wolembayo anapatsa ganizo lake, amafuna mitengero. Pomwe "Nyanja ya Chilwa ili m'chigawo cha kummwera kwa Malawi" ndi mawu ambiri ndithu, koma palibe mwini wake.

Bwanji ndikamasulira ndime kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa?

Ikadali ya mwini wake. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo si chidule. Mu notsi ipatseni M, mulembe pambali kuti "kumasulira kwanga", musungenso mawu a chiyankhulo choyambacho pansi pake. Izi n'zosiyana ndi kufotokozera agogo kuja, chifukwa kumeneko buku linali chotseka ndipo munamanga chiganizo chanuchanu.

Tsamba la pa intaneti lilibe dzina la wolemba, chaka, ngakhale nambala za masamba. Ndilembe chiyani?

Yambani mwafufuza bwino. Dzina limabisala pansi penipeni pa nkhani, kapena pa tsamba lotchedwa `About`. Ngati palibedi munthu, wolemba ndi bungwe lomwe ndi mwini webusaitiyo. Chaka chomwe chili pansi pa tsamba lililonse pafupi ndi chizindikiro cha © musachikhulupirire msanga, nthawi zambiri chimanena za webusaiti yonse, osati tsiku lomwe nkhaniyo inalembedwa. Ngati chaka palibe, kalembedwe kotchulira magwero ka APA kamati muike `n.d.` m'malo mwake. M'malo mwa nambala ya tsamba werengani ndime kuchokera pamwamba, mulembe monga `para. 4`, kapena mutchule mutu waung'ono womwe ndimeyo ili pansi pake.

Mu notsi zanu lembaninso tsiku lomwe mwawerenga tsambalo. Masamba a pa intaneti amasinthidwa mwakachetechete, ndipo chomwe mwawerenga mu Malichi chikhoza kusowa mu Meyi. Ngati nkhaniyo ndi msana wa asayimenti yanu, isungeni yonse: pa kompyuta dinani `Ctrl+P` n'kusankha `Save as PDF`.

Mawu awiri pa za masikirinishoti, popeza ndi momwe ambiri timasungira zinthu bandulo ikamatha. Chithunzi cha ndime yokha, chodulidwa pamwamba ndi pansi, ndi msampha. Pakatha mwezi chili pakati pa zithunzi za ukwati ndi za malisiti, ndipo palibe chokuuzani komwe chinachokera. Jambulani kawiri: koyamba pamwamba pa tsamba pomwe pakuoneka mutu ndi adiresi, kachiwiri ndimeyo. Tsiku lomwelo musanagone, lembani gwerolo m'kope n'kulipatsa G wake. Chimodzimodzi mukajambula masamba a buku mu laibulale, kapena mukafotokopa: yambani ndi chikuto ndi tsamba lija la mkati lokhala ndi chaka ndi osindikiza, ndipo onetsetsani kuti nambala ya tsamba yalowa m'chithunzi. Makina a fotokope amakonda kudya m'mphepete, momwe mumakhala nambalayo.

Pa nkhani za mu jenolo pali china choti ndisamale?

Ziwiri. Choyamba ndi nambala za masamba. Pulogalamu yowerengera PDF ikhoza kukuuzani kuti muli pa tsamba 3, pomwe pakona pa pepalalo palembedwa 147. Lembani yomwe yasindikizidwa papepala, chifukwa ndi yomwe aphunzitsi anu akayang'ane.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Mukuwerenga G2, ndipo pa tsamba 16 iye akutchula zomwe wolemba wina anapeza zaka zambiri zapitazo zokhudza matemba a mu Chilwa. Mtima umafuna kulemba dzina la wolemba wakaleyo mu notsi ngati kuti mwamuwerenga. Simunamuwerenge. Mwawerenga momwe G2 wamumvera, ndipo mawu omwe mukukopera ndi a G2. Mukatchula wakale yekhayo, mwatenga chidule cha G2 popanda kumutchula, ndipo ngati iye anamva molakwika, cholakwacho mwachilandira ngati chanu. Mu notsi lembani kuti "wakale uja, kudzera mwa G2 ts.16". Mukapeza ntchito yoyambayo iwerengeni, ipatseni G wake. Mukalephera, APA ili ndi njira yake, mawu akuti `as cited in`, ndipo pa mndandanda wa mabuku kumapeto mumaika G2 yekha.

Aphunzitsi amazindikira izi mosavuta kuposa momwe mungaganizire. Mwana wa chaka choyamba akatchula lipoti la zaka za m'ma 1970 lomwe iwo eni anavutika kulipeza, funso loyamba limakhala lakuti, munalipeza kuti?

Notsi za gulu lathu lowerengera limodzi ndi zathu tonse. Vuto lili pati ndikazigwiritsa ntchito?

Gulu ndi chinthu chabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma notsi za gulu ndiye gwero loopsa kuposa onse, chifukwa zimafika zitachapidwa kale. Taganizirani ulendo wa ndime imodzi. Mnzanu wina wapatsidwa gawo loti akawerenge. Wakopera ndime pa webusaiti, waimata pa gulu la WhatsApp popanda linki, walemba pamwamba kuti "gawo langa ndi ili". Wachiwiri wasonkhanitsa magawo onse mu fayilo imodzi, wakonza zilembo kuti zifanane. Wachitatu watumiza fayiloyo ku gulu lina, ndipo chaka chamawa ikuzungulirabe pakati pa a chaka chotsatira, mutu wake uli "notsi za kozi". Ikamafika kwa inu, palibe amene akukumbukira kuti ndime yachinayi ndi ya munthu wina wa kutali.

Ndinaonapo ophunzira anayi a gulu limodzi, okhala nyumba zoyandikana ku Chikanda, atapereka maasayimenti okhala ndi ndime imodzi yofanana, mpaka dzina lina lolembedwa molakwika mofanana. Palibe amene anaona pepala la mnzake. Onse anatunga pa chitsime chimodzi, notsi za gulu, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndimeyo analemba ndi mnzawo ndipo wawapatsa ndi manja awiri. Apa mavuto ndi awiri osiyana. Loyamba, ndimeyo inali ya wolemba wina yemwe sanatchulidwe. Lachiwiri, ngakhale ikanakhala ya mnzawoyo, asayimenti inali yoti aliyense alembe yekha, ndiye mawu ofanana m'mapepala anayi amaoneka ngati munalemberana. Chilolezo cha mnzanu sichifafaniza vuto lililonse mwa awiriwa.

Chomwe ndimalangiza magulu ndi pangano la tsiku loyamba. Aliyense wobweretsa gawo azibweretsa ndi gwero lake, ndipo zilembo zija M, C ndi L zizigwira ntchito pa gulu monga zimagwirira kwa munthu mmodzi, L azikhala ndi dzina la mwini ganizolo. Chofika chopanda gwero, makamaka chokhala ndi kachizindikiro ka `Forwarded` pamwamba, chiziyankhidwa ndi funso limodzi: achimwene, izi mwazitenga kuti? Si mwano. Akayankha kuti "ndinangozipeza", mwadziwa kuti n'zowerenga pokonzekera mayeso basi, osati zolowa mu asayimenti.

Inuyo panokha, notsi za gulu muzizitenga ngati chikwangwani cholozera njira, osati ngati gwero. Zikakuuzani kuti Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, n'zoona, koma pitani mukapeze pomwe zalembedwa, muwerenge nokha, mupange C wanu. Zisungeni mu foda yakeyake, ndipo musamakopere kanthu kuchoka m'menemo kupita mu asayimenti mwachindunji. Kukambirana kukatha, aliyense akalembe kwa yekha. Musamatumizirane zomwe mwalemba tsiku lopereka lisanafike, ngakhale mnzanu atati akungofuna aone momwe mwayambira. Chiyambi chanu chikalowa m'mutu mwake sichitulukamo.

Nanga ganizo labwino lomwe mnzanga ananena pakamwa pa zokambirana?

Lilembeni ndi dzina lake ndi tsiku, pomwepo. Ganizo lomva pakamwa ndi lomwe limasanduka "langa" msanga kuposa lowerenga, chifukwa palibe pepala lokukumbutsani. Mukafuna kuligwiritsa ntchito, mufunseni ngati ndi lakedi kapena analiwerenga penapake. Kawirikawiri mudzapeza kuti analimva m'kalasi kapena analiona m'buku, ndipo gwero lenileni ndi limenelo. Likakhala lake, APA imalola kutchula zomwe munthu wakuuzani ngati `personal communication` m'kati mwa nkhani, koma funsani kaye aphunzitsi a koziyo ngati akulola zimenezo pa asayimenti ya munthu mmodzi.

Mahandiauti ndi masilaidi a aphunzitsi nawonso ali ndi eni. Ziganizo zawo si zaulere chifukwa choti munazikopera pa bolodi ndi dzanja lanu.

Ndapeza ndime mu notsi zanga zakale, yokoma, yopanda chizindikiro. Sindikukumbuka ngati ndi yanga. Nditani?

Yambani ndi kuikayikira. Iwerengeni mokweza, kenaka werengani ndime yomwe mukudziwa kuti munalemba nokha. Kodi muli mawu omwe simuwagwiritsa ntchito? Kodi ziganizo zatalika mwadzidzidzi n'kusalala? Kodi muli nambala kapena chaka chomwe simukanachidziwa pamtima? Aphunzitsi anu amamva kusintha kwa liwu kumeneku monga momwe mayi amadziwira kuti ndiwo izi sanaphike mwana wawo.

Kenaka ifufuzeni. Sankhani mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu otsatizana, achilendo kwambiri m'ndimemo, muwaike m'mitengero pa Google. Mitengeroyo imauza Google kuti ifune mawuwo m'dongosolo lomwelo. Yesani zigawo ziwiri kapena zitatu, chifukwa mwina chimodzi munachisintha. Yesaninso pa Google Scholar, kenaka tsegulani ma PDF omwe munatsitsa nthawi imeneyo mufufuze ndi `Ctrl+F`. Mukaipeza, ipatseni G, M ndi tsamba, nkhani yatha.

Mukapanda kuipeza sizikutanthauza kuti ndi yanu. Mwina inachokera m'buku la pepala lomwe silili pa intaneti. Ichotseni. Ngati mfundo yake ndi yofunika, ifunireni gwero lina lomwe mungalitchule, muilembe mwatsopano kuchokera pamenepo. Zimawawa kutaya ndime yokoma, ndikudziwa, ndatayapo zanga.

Ndiye kuti chiganizo chilichonse chizikhala ndi dzina la wolemba?

Ayi. Zomwe aliyense wophunzira angazipeze paliponse popanda mkangano sizifuna gwero: kuti Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, kapena kuti chilumba cha Chisi chili mu Chilwa. Koma kuchuluka kwa nsomba zogwidwa pa chaka, kuya kwa madzi pa nthawi inayake, kapena chifukwa chomwe wina akuti ndicho chinaphwetsa nyanja, zonsezi zili ndi amene anaziyeza kapena kuziganiza. Ndipo ngakhale mfundo ikhale yodziwika kwa onse, chiganizo chomwe wina waimangira ndi chake. Mu notsi musadzivutitse kusankha, lembani gwero la chilichonse. Kuchotsa dzina losafunika polemba kumatenga kamphindi, kufunafuna lomwe simunalembe kumadya usiku wonse.

Zotero ndi Turnitin sizingandichitire zonsezi?

Zotero ndi pulogalamu yaulere ndipo imathandizadi pa gawo loyamba lija lolemba gwero. Mukaika `Zotero Connector` mu burawuza, imatola dzina la wolemba, chaka ndi mutu mukangodina kamodzi, n'kudzakupangirani mndandanda wa mabuku. Muziyang'anabe zomwe yatola, chifukwa pa masamba wamba a pa intaneti imasiya mipata. Batani la `Cite` pa Google Scholar nalonso limalakwitsa nthawi zina. Chomwe Zotero singachite n'kudziwa ngati chiganizo chomwe mwalemba ndi M kapena C.

Turnitin imayerekeza pepala lanu ndi zomwe ili nazo, kuphatikizapo mapepala a ophunzira ena, n'kuonetsa pomwe mawu afanana. Peresenti yomwe imatulutsa si chigamulo. Ikhoza kukwera chifukwa cha mawu omwe mwawaika bwino m'mitengero ndi mndandanda wa mabuku, ndipo ikhoza kutsika pa pepala lomwe latenga ganizo lonse la wina m'mawu ena. Amene amasinthasintha mawu kuti peresenti itsike akungopaka laimu uja. Malire ndi chilango zimasiyana sukulu ndi sukulu, ndiye werengani malamulo a sukulu yanu ndi pepala la koziyo.

Pofika polemba asayimenti yeniyeniyo, notsi zimenezi ndizigwiritse ntchito bwanji?

Tsegulani fayilo yatsopano, yopanda kanthu. Musasandutse fayilo ya notsi kukhala asayimenti pomangodula ndi kusuntha ndime, chifukwa mizere ya M imatsalira m'menemo ngati miyala mu mpunga. Yalani mfundo zanu kuchokera pa mizere ya L, kenaka itanani C ndi M pomwe zikufunika umboni. Chilichonse chowoloka kuchoka ku notsi chiwoloke ndi G wake ndi tsamba lake nthawi yomweyo, ngakhale mungolemba G2 ts.14 n'kudzakonza kalembedwe pambuyo. Mawu akuti "maina ndiika ndikamaliza" ndi omwe agwetsa anthu ambiri, chifukwa kumaliza kumafika 3 koloko m'bandakucha, batire ili pa 9 peresenti.

M akalowa mu asayimenti alowe ndi mitengero yake. Mu APA, mawu obwereka osafika 40 amakhala m'mitengero m'kati mwa ndime, ofika 40 kapena kuposa amaima paokha ngati ndime yolowa m'kati, popanda mitengero, koma ndi wolemba, chaka ndi tsamba.

Musanapereke, fufuzani G1, G2, G3 ndi anzake m'pepala lonse kuti pasatsale G2 wosasandulika dzina. Yerekezani maina a m'kati ndi mndandanda wa kumapeto, mbali zonse ziwiri: aliyense wotchulidwa m'kati apezeke kumapeto, aliyense wa kumapeto apezeke m'kati. Notsi zanu musazitaye mukapereka, ndipo fayilo muziisunga ndi maina a masiku, monga `chilwa_03meyi` ndi `chilwa_10meyi`, m'malo mofafaniza yakale. Tsiku lina mukadzaitanidwa ku ofesi kuti mufotokoze ndime yachitatu, mudzanyamule kope lija, mutsegule pa G2, muwaonetse M wa tsamba 14, C yemwe ali pansi pake, ndi pomwe munakonza "imauma" kukhala "imatha kuuma".